Mmene Mungayendetsere Mgwirizano ndi Katswiri Wopanga Webusaiti

Malangizowa ndi a mwini bizinesi kapena mkulu wa bungwe laling'ono amene alibe wantchito wodziwa za makompyuta, ndipo akufuna kulemba ganyu katswiri wapadera kuti amupangire webusaiti. Mfundo imene ndikufuna kuti muigwire kuyambira pachiyambi ndi yakuti ndalama iliyonse imene mukulipira, kupatula yoyambitsira ntchito, izituluka pokhapokha mutaona ndi kuyesa nokha chinthu chimene munagwirizana kuti chidzakhalapo. Lonjezo la pa foni, chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp, kapena mawu akuti ntchito yatsala pang'ono kutha, zonsezi si zifukwa zolipirira.

Kuti nkhani isakhale ya m'malere, titenge chitsanzo chimodzi ndi kuyenda nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti muli ndi malo ogona alendo a zipinda 12 mumzinda wa Zomba, cha kunjira yokwera ku Chawe, ndipo alendo anu ambiri ndi okwera phiri, obwera ku misonkhano, ndi makolo amene amadzaza tauni yonse pa nthawi imene ophunzira a ku Chirunga akulandira madigiri. Mukufuna webusaiti imene mlendo angaonepo zipinda ndi mitengo, n'kusungitsa chipinda, n'kulipira dipoziti kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Katswiri amene mwamupeza amakhala ku Blantyre, ndipo watchula K4,000,000 pa ntchito yonse. Mtengowu ndi wongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Wanu ukhoza kusiyana kwambiri.

Lembani ntchito yonse musanakambe za mtengo

Choyamba ndi chikalata chofotokoza ntchito, chimene chidzakhale mbali ya mgwirizano. Mikangano yambiri imabadwira pano, chifukwa mwini bizinesi amati "ndikufuna webusaiti yoti anthu azisungitsirapo zipinda", katswiri n'kuvomera, koma aliyense ali ndi chithunzi chakechake m'mutu. Kwa katswiri, kusungitsa chipinda kungatanthauze fomu imene imangotumiza imelo ku ofesi yanu kuti inu mumuyankhe mlendo. Kwa inu kungatanthauze kalendala imene imadziwa kuti chipinda chachitatu chatengedwa kuyambira Lachisanu kufikira Lamlungu ndipo imakana mlendo wina. Ntchito ziwirizi zimasiyana kutali pa nthawi ndi pa mtengo, ndipo ngati simunalembe kuti mukufuna iti, katswiri adzapanga yosavutayo ndipo simudzakhala ndi pomugwira.

Choncho lembani chinthu chilichonse m'chiganizo chimene munthu angachiyese n'kuyankha kuti inde chatheka kapena ayi sichinatheke. Musalembe kuti webusaiti ikhale yokongola ndi yachangu. Lembani kuti mlendo akasankha masiku, azingoona zipinda zimene zilibe munthu pa masikuwo. Kuti akalipira dipoziti, iye ndi ofesi yanu azilandira uthenga wotsimikizira umene uli ndi dzina, masiku ndi ndalama imene yalipiridwa. Kuti wantchito wa pa kauntala azitha kusintha mtengo wa chipinda popanda kuitana katswiri. Tchulani chiwerengero cha masamba, zinenero zimene zidzakhalepo, ndiponso amene adzabweretse zithunzi ndi mawu. Kenaka lembani zimene sizili mu ntchitoyi, monga kujambula zithunzi za zipinda, kupanga chizindikiro cha bizinesi, kapena kutsatsa malonda pa Facebook. Ndime ya zinthu zosaphatikizidwayi imateteza katswiri, koma imakuthandizaninso inu kudziwiratu zimene muyenera kuzipezera ndalama padera.

Domeni ndi seva zikhale m'dzina lanu kuyambira tsiku loyamba

Pano ndichedwapo pang'ono, chifukwa ndi pamene mabizinesi ambiri amagwidwa pakhosi. Domeni ndi dzina la webusaiti yanu, lija anthu amalemba lothera ndi .mw kapena .com, ndipo seva ndi kompyuta ya kampani ina imene mumachita lendi kuti isunge mafayilo anu. Zonse ziwiri zimalipiridwa chaka ndi chaka kapena mwezi ndi mwezi, ndipo mwini wake ndi amene akaunti inatsegulidwa ndi imelo yake. Akatswiri ambiri amalembetsa zinthuzi pa akaunti yawo, kawirikawiri mopanda cholinga choipa, kungoti n'kofulumira. Koma tsiku limene mudzasemphane maganizo, kapena iye akadzapita kunja, kapena akadzangosiya kuyankha foni, dzina limene mwalilemba pa chikwangwani ndi pa malisiti anu onse lidzakhala m'manja mwa munthu wina, ndipo likapanda kulipiridwa webusaiti ndi maimelo anu zidzazima tsiku limodzi.

Njira yake ndi iyi. Tsegulani imelo ya bizinesi imene pasiwedi yake mukuidziwa inu nokha, ndipo khalani pamodzi ndi katswiri, kaya pamaso kaya pa foni, pamene akukutsogolerani kulembetsa domeni ndi seva pogwiritsa ntchito imeloyo. Nambala ya foni yolandirira makodi otsimikizira ikhale yanu. Mukatha, mupatseni katswiri chilolezo cholowera ngati wogwira ntchito, osati ngati mwini. Kuti mudziwe ngati zili bwino, lowani nokha mu akauntiyo iye kulibe, ndipo onani ngati domeni ikuoneka pamodzi ndi tsiku limene idzathe. Chimodzimodzinso akaunti yolandirira ndalama za alendo: itsegulidwe m'dzina la bizinesi yanu ndi zikalata zanu, ndipo ndalama zizigwera ku banki kwanu, osadzera m'thumba la katswiri ngakhale kwa tsiku limodzi.

Mu mgwirizano lembani momveka kuti mukamaliza kulipira, mafayilo onse, kamangidwe ka masamba, mawu, zithunzi ndi zonse zosungidwa za alendo ndi za bizinesi yanu, ndipo kuti katswiri adzazipereka mu mkhalidwe woti katswiri wina angapitirize nazo. Musaganize kuti kulipira pakokha kwathetsa nkhani ya umwini, ilembedwe. Ngati webusaiti ikumangidwa pa pulogalamu yomangira mawebusaiti yotchedwa WordPress, monga momwe zimakhalira ndi mawebusaiti ambiri a mabizinesi ang'onoang'ono, katswiri alembe mndandanda wa mapulogalamu owonjezera amene adzagwiritse ntchito, atchule ogula ndi aulere, ndi mtengo wa laisensi ya chaka. Kanani mapulogalamu ogula amene atengedwa mwachinyengo pa intaneti, chifukwa salandira zokonza zatsopano ndipo nthawi zambiri amabwera ndi zitseko zobisika za akuba.

Gawani ntchito ndi malipiro

Aliyense amene anamangitsapo nyumba amadziwa kuti mmisiri salipidwa zonse pa tsiku lokumba maziko: amalandira maziko akatha, khoma likafika pa windo, ndi denga likafoleredwa, ndipo nthawi iliyonse mwini nyumba amapita kukaona yekha. Webusaiti imafuna dongosolo lomwelo, kungoti zimene muyenera kuona sizionekera patali, choncho muyenera kuzitchula ndi dzina.

Pa chitsanzo chathu cha K4,000,000, ndingagawe motere. Posainirana mgwirizano, perekani K800,000, yomwe ndi 20 peresenti. Katswiri ayenera kulandira kenakake kuti ayambe, popeza nayenso akuopa kugwira ntchito yaulere. Gawo lachiwiri, K800,000 ina, lilipiridwe mukavomereza maonekedwe a masamba akuluakulu, ndiwo tsamba loyamba, tsamba la chipinda ndi tsamba losungitsira, monga momwe adzaonekere pa foni ndi pa kompyuta. Gawo lachitatu ndiye lalikulu, K1,200,000, ndipo lituluke webusaiti yonse ikakhala pa adiresi yoyesera imene inu mungatsegule pa foni yanu muli ku Zomba n'kusungitsa chipinda kuyambira poyamba mpaka polipira. Gawo lachinayi, K800,000, lilipiridwe webusaiti ikatsegulidwa pa domeni yeniyeni, makiyi onse, ndiwo maakaunti ndi mapasiwedi, ataperekedwa ndipo antchito anu ataphunzitsidwa. Yotsala K400,000, yomwe ndi 10 peresenti, muisunge kwa masiku 90 webusaiti ikugwira ntchito, ngati chikole chakuti zolakwika zotulukira pambuyo zidzakonzedwa.

Onani mmene masamuwa akuyendera. Musanaone chinthu chogwira ntchito mwatulutsa K1,600,000 yokha, ndipo ngakhale gawo lachitatu litalipiridwa, katswiri akadali ndi K1,200,000 yoti aitsatire, ndalama yokwanira kumuchititsa kuti amalize. Akakupemphani theka la ndalama poyamba, sikuti ndi wakuba, pakuti ambiri amatero. Koma musalole kuti ndalama yotsala pa mapeto ichepe mpaka kufika poti kuisiya kukhale kwapafupi kwa iye kuposa kumaliza ntchito. Gawo lililonse likhale ndi tsiku lake la pa kalendala, osati mawu akuti "patatha milungu itatu" opanda poyambira kuwerenga.

Pali nkhani ya madola imene siyenera kusakanizidwa ndi malipiro a katswiri. Seva za kunja, madomeni a .com ndi malaisensi a mapulogalamu zimagulidwa m'ndalama zakunja, ndipo tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti pa tsiku limodzi. Mgwirizano unene kuti mtengo wa ntchito ya manja a katswiri ndi wa makwacha ndipo susintha, pamene zogula za m'madola mudzalipira inu mwini, kapena mudzamubwezera motsatira lisiti lenileni. Mukapanda kulekanitsa, kwacha ikagwa pakati pa ntchito katswiri adzapempha kuti mtengo wonse ukwere, kapena adzasankha seva yotchipa kwambiri mwakachetechete kuti apulumutse phindu lake.

Za msonkho zikambidwenso musanasaine. Funsani katswiri TPIN yake, lembani ngati mtengo ukuphatikiza msonkho kapena ayi, ndipo funsani wowerengera ndalama wanu kapena ofesi ya MRA ngati bizinesi yanu ikuyenera kudula msonkho pa malipirowa musanamupatse. Katswiri amene amayembekezera K800,000 yathunthu n'kulandira yochepa popanda kuchenjezedwa amaona ngati mwamubera. Malipiro onse atsatire invoisi ndipo adutse ku banki kapena pa foni, kumene kumatsala umboni. Pamalo olemba chifukwa cholipirira, tchulani gawo limene mukulipira.

Udindo wanu ulembedwenso

Ndinene mosabisa kuti ntchito zambiri zimachedwa chifukwa cha mwini bizinesi. Katswiri sangamalize tsamba la chipinda popanda zithunzi ndi mitengo, ndipo sangalumikize malipiro ngati inu simunapereke zikalata zotsegulira akaunti. Lembani tsiku limene mudzapereke zinthuzi, ndipo vomerani kuti mukachedwa ndi masiku asanu, tsiku lake lomalizira lisunthanso ndi masiku asanu. Sankhani munthu mmodzi yekha wolankhula ndi katswiri m'malo mwa bizinesi, chifukwa bambo akati mtundu ukhale wobiriwira, mayi n'kuimba foni kuti ukhale wofiira, katswiri adzagwira ntchito kawiri ndipo adzafuna malipiro kawiri. Lonjezaninso kulipira pasanathe masiku 7 mutavomereza gawo, ndipo sungani lonjezolo.

Maganizo atsopano adzabwera ndithu ntchito ili mkati. Tiyerekeze kuti pa mlungu wachinayi mwaganiza zoti alendo azithanso kusungitsa munthu wowaperekeza kukwera phiri. Musangotchula pa foni n'kumva kuti "palibe vuto, bwana". Lembani pempholo, katswiri ayankhe molemba kuti liwonjezera ndalama zingati ndi masiku angati, ndipo ntchitoyo iyambe inu mutavomera molembanso. Pa maonekedwe a masamba, gwirizanani kuti mtengo ukuphatikiza maulendo awiri okonza. Mukalandira masamba, sonkhanitsani ndemanga zonse mu uthenga umodzi m'malo motumiza kamodzikamodzi tsiku lonse. Zimene mwagwirizana pa foni, zibwerezeni mu imelo tsiku lomwelo.

Kuyesa ndi kulandira ntchito

Gawo lachitatu likafika, mgwirizano ukupatseni masiku 7 ogwira ntchito kuti muyese, ndipo unene kuti mukakhala chete kupitirira masikuwo ntchito idzatengedwa kuti mwailandira. Ndimeyi ndi yachilungamo kwa katswiri, choncho patulani nthawi yeniyeni yoyesera. Musayese pa laputopu ya katswiri, iye atakhala pambali n'kumakuuzani poti mudine. Tengani foni wamba ya wantchito wanu, yokhala ndi bandulo wamba, ndipo yesani pa maneti onse awiri, a Airtel ndi a TNM, chifukwa umo ndi mmene alendo ambiri a m'dziko muno adzatsegulire. Tsamba loyamba likamachedwa kutseguka, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala zithunzi zoikidwa monga zinachokera mu kamera osazichepetsa, ndipo chimenechi ndi cholakwika choti katswiri akonze.

Yambani ndi njira yowongoka: sankhani masiku, sankhani chipinda, lipirani dipoziti yeniyeni yaing'ono, tinene K1,000, kamodzi pa Mpamba ndi kamodzi pa Airtel Money. Onani zinthu zitatu: ngati uthenga wafika kwa mlendo, ngati wafika ku ofesi osagwera mu bokosi la maimelo otayidwa, ndi ngati ndalamayo ikuoneka mu akaunti yanu yolandirira. Kenaka yesani kuiphwanya, chifukwa zolakwika zodula zimabisala m'njira zokhotakhota. Lembani tsiku lochoka limene likubwera tsiku lofika lisanakwane, muone ngati ikukana. Siyani nambala ya foni osalemba. Yambani kulipira koma uthenga wofunsa nambala yachinsinsi ukabwera pa foni, musauyankhe; kenaka onani ngati chipindacho chamasulidwa patapita nthawi imene munagwirizana, kapena chatsekeka ngati kuti munthu walipira. Yesero lofunika koposa ndi la chipinda chomaliza: siyani chipinda chimodzi chokha chopanda munthu pa tsiku lina, ndipo anthu awiri pa mafoni awiri ayese kuchisungitsa nthawi imodzi. Onse awiri akalandira uthenga wotsimikizira, dziwani kuti pa mlungu wa madigiri mudzakhala ndi mabanja awiri pa kauntala ndi bedi limodzi, ndipo gawoli silinathe.

Lembani cholakwika chilichonse pa mzere wake: chimene munachita, chimene mumayembekezera, chimene chinachitika, foni imene munagwiritsa ntchito, ndi chithunzi cha sikirini. Mgwirizano ugawe zolakwika m'magulu awiri. Zazikulu ndi zimene zikulepheretsa kusungitsa, kulipira kapena kulandira uthenga, kapena zikuonetsa zinsinsi za mlendo kwa munthu wina. Izi zimaimitsa malipiro mpaka zitakonzedwa ndi kuyesedwanso. Zazing'ono, monga chilembo cholakwika kapena chithunzi chopendekeka, zilembedwe ndi kupatsidwa tsiku lokonzera, koma zisakhale chifukwa chomana munthu ndalama yake. Pa chitsanzo chathu, ngati mwapeza vuto la chipinda chomaliza ndi zilembo zolakwika zisanu ndi chimodzi, K1,200,000 idikire vuto limodzi lija lokha. Chinthu chimene sichinalembedwe mu chikalata cha ntchito si cholakwika ayi. Ndi pempho latsopano, ndipo lidutse njira yake ya mtengo ndi masiku. Mukakhutira, lembani imelo yachidule yonena kuti gawo lachitatu mwalilandira pa tsiku lakutilakuti, kupatula zazing'ono zimene zili pa mndandanda.

Tsiku lotsegula ndi kulandira makiyi

Webusaiti ikasamutsidwira pa domeni yeniyeni, bwerezani mayesero a kulipira, chifukwa zimene zinayenda pa adiresi yoyesera zikhoza kuduka posamutsa. Onani kuti adiresi ikuyamba ndi `https://` ndipo foni sikuchenjeza kuti tsambalo si lotetezeka. Pa WordPress, lowani pa `Settings`, kenaka `Reading`, ndipo onetsetsani kuti bokosi lolembedwa `Discourage search engines from indexing this site` lilibe chizindikiro. Akatswiri amalichonga pamene akumanga kuti ntchito yosatha isaoneke pa Google, ndipo likaiwalika webusaiti imatha miyezi osapezeka kwa anthu ofufuza malo ogona ku Zomba.

Musanalipire gawo lachinayi, landirani akaunti yanu ya udindo wa `Administrator`, mapasiwedi a seva ndi a maimelo, kope la mafayilo onse ndi la nkhokwe ya zosungidwa, ndi kapepala kofotokoza zimene zimalipiridwa chaka ndi chaka, mtengo wake ndi tsiku lake. Pemphani katswiri akuonetseni kuti kope losungiralo lingabwezeretsedi webusaiti, pochita zimenezi pa adiresi yoyesera inu mukuona. Wantchito wa pa kauntala asinthe yekha mtengo wa chipinda ndi kuletsa kusungitsa kumodzi katswiri atapinda manja. Akalephera, maphunziro sanathe. Popeza webusaitiyi izisunga maina, manambala a foni ndi masiku a maulendo a alendo, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu zoterezi, mgwirizano umuletse katswiri kusunga kapena kugwiritsa ntchito zinthuzi kunja kwa ntchito yanu, ndipo umulamule kufufuta makope ake ntchito ikatha.

Zinthu zikavuta, ndi masiku 90 omaliza

Zizindikiro zoti ntchito yaima zimadziwika: adiresi yoyesera sikusintha kwa milungu iwiri, katswiri akutumiza zithunzi m'malo mwa adiresi yoti mutsegule, kapena akupempha ndalama ya gawo lotsatira lisanathe limene lilipo, ati chifukwa cha vuto la kunyumba. Kuzima kwa magetsi ndi kuduka kwa intaneti zimachedwetsadi ntchito kuno kwathu, koma ndi zinthu zodziwika kale zimene ayenera kuziwerengera potchula masiku. Musalipire patsogolo pofuna kumulimbikitsa. Mgwirizano unene kuti gawo likachedwa ndi masiku 14 popanda chifukwa chochokera kwa inu, mudzamulembera chenjezo lomupatsa masiku ena 14, ndipo akalephera mgwirizano udzatha, iye adzasunga ndalama za magawo amene munalandira, ndipo adzapereka mafayilo onse monga alili. Ufulu womwewo akhale nawo iye ngati inu simukulipira. Lembaninso kuti mkangano udzayamba wapita kwa mkhalapakati amene nonse mwamuvomereza musanaganize za khoti, ndipo ngati ndalama yake ndi yaikulu kwa inu, loya awerenge mgwirizanowo musanasaine.

Pa masiku 90 a chikole, katswiri akonze mwaulere chilichonse cha mu chikalata cha ntchito chimene chasiya kuyenda, ndipo nthawi yoyankhira ilembedwe, mwachitsanzo tsiku limodzi logwira ntchito pa vuto lalikulu ndi masiku asanu pa laling'ono. Sungani buku la mavuto onse ndi tsiku limene anakonzedwa. Masikuwo akatha ndipo m'bukumo mulibe vuto lalikulu lotsala, lipirani K400,000 mosachedwa. Tsiku lomwelo sankhani chimodzi mwa ziwiri: kusainirana mgwirizano wina wapadera wosamalira webusaiti, wotchula malipiro a pamwezi ndi ntchito zake monga kukonzanso mapulogalamu ndi kusunga makope, kapena kuchotsa akaunti ya katswiri pa webusaiti ndi pa seva n'kusintha mapasiwedi onse.